Wotchi yolipirira ikatayika, ndalama zimapita nayo?

M'masitolo a ku Johannesburg, kapena pa mageti a sitima zapansi ku London, si zachilendonso kuona munthu akupinda dzanja n'kuyandikiza wotchi pa kamakina kolipirira. Kamakinako kamalira, munthu uja n'kunyamula katundu wake, osatulutsa chikwama ngakhale foni. Abale athu ena amene akugwira ntchito ku Joni ndi ku Britain ali nawo mawotchi otere, ogula okha kapena opatsidwa, koma ambiri amangoonerapo nthawi ndi kuwerengera mapazi amene ayenda. Mukawafunsa chifukwa chimene sanaikemo khadi la kubanki, yankho limakhala lomwelomwelo: nanga ikagwera m'takisi, woitolayo sakandimalizira malipiro a mwezi wonse?

Mantha amenewa ndi omveka, koma alunjika polakwika. Wotchi yotcheredwa bwino ikachoka pamkono imadzitseka, ndipo woitola sagula nayo ngakhale buledi. Khadi lapulasitiki ndilo loopsa kuposa pamenepo, chifukwa aliyense angaligunditse pa makina n'kugula zinthu zotsika mtengo osafunsidwa kanthu. Pamene anthu amapwetekera ndi pena: pa nambala yotsegulira wotchi, ndi pa zimene amachita mwaphuma atazindikira kuti mkono uli wokhawokha. Tifotokoza za Apple Watch, popeza ndi imene njira zake zili zofanana kulikonse, kenako tikhudzako za mitundu ina. Mawu a pa sikirini tawalemba mmene amaonekera, ngakhale kuti amasinthasintha pang'ono foni ikalandira pulogalamu yatsopano.

Choyamba kudziwa n'chakuti si khadi lililonse limene limalowa m'wotchi. Apple Pay inayamba ku America mu 2014, inafika ku Britain mu 2015, ndipo ku South Africa inalowa mu Malichi 2021. Chimene chimayang'anidwa si dziko limene mwaima, koma banki imene inakupatsani khadi: iyenera kukhala ya m'dziko limene ntchitoyi ilipo, ndiponso iyoyo ikhale kuti inalowa nawo m'gwirizanowo. Malawi ndi Zambia sanafike pamndandanda umenewu, choncho khadi la banki ya ku Lilongwe kapena ku Chipata wotchi ilikana, ngakhale likhale ndi kachizindikiro ka mafunde kosonyeza kuti limalipira pongogunditsa. Koma munthu amene anaika khadi la ku South Africa m'wotchi akabwera kumudzi pa Khirisimasi, wotchiyo ingathe kulipira pa makina amene amalandira makhadi akunja ogunditsa. Tinenenso za mawotchi otchipa a pamsika ofanana maonekedwe ndi a Apple: pabokosi pangalembedwe NFC, koma zimenezo sizitanthauza kuti banki iliyonse imawadziwa. Musavutike nawo.

Chimene chimalowa m'wotchi

Mukaika khadi, nambala yake ya manambala 16 sisungidwa m'wotchimo. Banki, mogwirizana ndi Visa kapena Mastercard, imapanga nambala ina yoimira khadilo pa wotchi imeneyo yokha. Apple imaitchula kuti Device Account Number, ndipo imakhala m'kachipangizo kapadera kotsekedwa, kosiyana ndi kumene kumakhala zithunzi ndi mameseji. Polipira, wotchi imapereka nambala yoimirayo pamodzi ndi chidindo chimene chimagwira ntchito kamodzi kokha. Wogulitsa saiona nambala yeniyeni ya khadi lanu.

Zili ngati nkhokwe imodzi yokhala ndi zitseko zitatu, chilichonse ndi kiyi wake: khadi lapulasitiki, foni, ndi wotchi. Kiyi wa chitseko chimodzi akatayika mumakhomerera chitseko chimenecho, zinazo n'kumagwirabe ntchito. N'chifukwa chake kutaya wotchi sikufuna kuti muphe khadi lanu n'kumadikira latsopano.

Pali kanthu kena kamene kamadabwitsa anthu. Wotchi sifuna intaneti kapena foni kuti ilipire. Mungasiye foni kunyumba, kupita kothamanga, n'kugula madzi pobwerera. Imalankhulana ndi makina a musitolo pa mtunda wa masentimita ochepa chabe, ndipo amene amafunsa kubanki ngati ndalama zilipo ndi makina a wogulitsayo. Zimenezi n'zabwino pa tsiku wamba, koma zikutanthauzanso kuti wakuba sasowa foni yanu. Chimene amasowa ndi nambala yotsegulira.

Tsiku loika khadi

Yambani ndi nambala imeneyo, chifukwa popanda iyo wotchi sivomera khadi. Pa iPhone tsegulani pulogalamu ya `Watch`, pitani pa `My Watch`, kenako `Passcode`. Wotchi imayamba n'kufuna manambala anayi, ndipo apa ndi pamene ulesi umalowera: wina aika 1234, wina chaka chimene anabadwa, wina pini yomweyo ya khadi lake. Zimitsani `Simple Passcode` kuti muike yaitali, ya manambala 6 kapena kuposa. Musadandaule kuti izikuchedwetsani, chifukwa mumailemba kamodzi mukavala wotchi m'mawa, basi. Pamalo omwewo pali `Erase Data`, imene imafufuta zonse za m'wotchi munthu akaphonya nambala maulendo 10. Iyatseni, pokhapokha ngati m'nyumba muli kamwana kokonda kudinadina.

Chachiwiri ndi `Wrist Detection`. Kumsana kwa wotchi kuli timaso timene timazindikira kuti yakhudza khungu. Ikangochoka pamkono imadzitseka, ndipo chitetezo chonse chimene tikunenachi chagona pamenepo. Anthu ena amazimitsa mbali imeneyi chifukwa wotchi imangodzitseka ali chivalire. Kawirikawiri vuto limakhala lamba wokhwepa, ndipo nthawi zina ndi mphini za inki zakuda pamkono, zimene zimasokoneza timaso tija. Mangitsani lamba kapena sinthani mkono. Mukazimitsa, wotchi izikufunsani nambala nthawi iliyonse yolipira, ndiye kuti muzikhala mukuilemba pamzere, anthu akuyang'ana. Palibe njira yabwino yophunzitsira wakuba nambala yanu kuposa imeneyo.

Tsopano khadi. Mu `My Watch` momwemo sankhani `Wallet & Apple Pay`, kenako `Add Card`. Ngati khadilo lili kale pa foni, liziwoneka pamndandanda ndi mawu akuti `Add` pambali pake, ndipo mungofunsidwa manambala atatu a kumbuyo kwa khadi. Dziwani kuti kukhala nalo pa foni sikutanthauza kuti lili pa wotchi, pakuti chipangizo chilichonse chimalandira nambala yake yoimira. Ngati ndi latsopano, mumalijambula ndi kamera kapena kulemba manambala ake pamanja.

Ikatero banki imafuna kutsimikiza kuti ndinudi. Ina imatumiza nambala pa meseji, ina imati muvomereze mu pulogalamu yake ya pa foni, ina imati muimbe. Apa ndiimepo pang'ono, chifukwa ndi pamene anthu ambiri abedwa ngakhale alibe wotchi n'komwe. Wakuba akapeza manambala a khadi lanu, mwina kudzera pa tsamba labodza lonena kuti mulipire kandalama kochepa ka katundu wa ku positi, amaliika pa foni kapena wotchi yake. Chimene chimamutsalira ndi nambala yotsimikizira ija, ndipo amakuimbirani ngati wa kubanki kuti mumuwerengere. Mukamupatsa, mwamudulira kiyi wakewake wa nkhokwe yanu. Meseji yonena za kuika khadi mu Apple Pay ikabwera inu musanayambe kuika chilichonse, imbirani banki pa nambala ya kumbuyo kwa khadi.

Kulipira kwenikweniko n'kosavuta. Dinani kawiri mofulumira batani lalitali la m'mbali, osati kagudumu kozungulira kaja. Khadi liwonekera, ndipo muyandikize nkhope ya wotchi pa makina mpaka itakugwedezani pang'ono pamkono. Kugwedezako kukusonyeza kuti wotchi yapereka zake. Ngati malonda atheka kapena ayi, amanena ndi makina a wogulitsa. Akakana, kawirikawiri nkhani ndi ya mu akaunti kapena netiweki ya sitoloyo, osati wotchi.

Malire a ndalama ndi osiyana ndi a pulasitiki. Ku Britain malire ogunditsa khadi popanda pini anakwezedwa kufika pa £100 mu Okutobala 2021, ndipo ku South Africa mabanki ambiri amafunsa pini malonda akapitirira R500. Wotchi m'masitolo ambiri imadutsa malire amenewa, chifukwa makina amauzidwa kuti mwiniwake watsimikizidwa kale ndi nambala yake yotsegulira. Ndiye onani kulemera kwa nambala ija: munthu amene ali ndi wotchi yanu ndi nambala yake yomwe angathe kugula firiji.

Kwa a ku London pali khomo lina loti muliganizire. `Express Travel Card` imakulolani kudutsa pa mageti a Transport for London osadina batani, mwa kungoyandikiza mkono. Imagwira pa zoyendera zokha, osati m'sitolo, komabe ndi khadi limene silifunsa chilolezo chanu nthawi iliyonse, choncho ngati simukwera sitima kawirikawiri isiyeni pa `None`. Mukamaigwiritsa ntchito, tulukirani ndi chipangizo chimene munalowera. Mukalowa ndi wotchi n'kutuluka ndi khadi lapulasitiki la akaunti yomweyo, makina amaona ngati ndi anthu awiri amene sanamalize ulendo, ndipo mungalipitsidwe mtengo wapamwamba kawiri.

Musanatseke foni, chitani zinthu ziwiri zimene mudzaziyamikire tsiku latsoka. Tsegulani `Find My`, pitani pa `Devices`, muone ngati wotchi ikuwoneka. Kenako lembani papepala nambala ya wotchiyo, imene ili pa `General` ndi `About` komanso pabokosi, manambala anayi omaliza a Device Account Number, ndi nambala ya foni ya banki. Pepalalo likhale kunyumba.

Lachisanu madzulo ku Randburg

Tiyerekeze mayi amene amagwira ntchito mu saluni ku Randburg. Amavula wotchi akamatsuka tsitsi la makasitomala, n'kuiika pashelefu kapena m'thumba la epuloni. Lachisanu anthu anachuluka, atseka mochedwa, wakwera takisi, ndipo akufika kunyumba kukweza mkono kuti aone nthawi, palibe. Sakudziwa ngati yatsala kuntchito, yagwa m'takisi, kapena wina wainyamula. Malipiro alowa dzulo lake.

Choyamba atsegule `Find My` pa foni, asankhe wotchiyo pa `Devices`. Mapu akasonyeza saluni, mtima ukhale pansi. Akasonyeza kunyumba komweko, adine `Play Sound` n'kumvetsera m'chikwama. Koma mapu akufunika kuwawerenga bwino: pansi pa dzina la wotchi pamalembedwa nthawi imene inaoneka komaliza. Wotchi yopanda laini yakeyake imadalira kwambiri foni ya mwini wake kapena Wi-Fi imene inalowapo kale, choncho kadontho kangakhale kakusonyeza pamene inasiyana ndi foni, osati pamene ili tsopano. Batire lakenso silikhalitsa, mawa lake likhala litatha.

Kaya mapu anena zotani, asagone asanadine `Mark As Lost`, imene pa mafoni ena imalembedwa `Lost Mode`. Wotchi imatsekedwa, pankhope pake pamatuluka uthenga ndi nambala ya foni imene iye walemba, ndipo makhadi a Apple Pay a m'wotchiyo amaimitsidwa. Anthu amafunsa kuti, nanga ngati wotchi ili yozima kapena ilibe intaneti, lamulolo liipeza bwanji? Kutseka nkhope ndi kuonetsa uthenga kumadikiradi kuti wotchi ilumikizike. Koma kuimitsa makhadi a kubanki sikudikira, chifukwa kumachitikira kumbali ya banki: nambala yoimira ija imaikidwa chizindikiro, ndipo makina a musitolo akakafunsa, amauzidwa kuti ayi. Khadi lake lapulasitiki ndi la pa foni akugwirabe ntchito, mawa akwera takisi n'kugula ndiwo monga mwa masiku onse.

Pa uthengawo alembe nambala ya mwamuna wake kapena mnzake, osati adiresi ya kunyumba.

Kenako adzifunse moona mtima: alipo amene anaionapo nambala yanga? Mu saluni amavula ndi kuvala wotchi kangapo patsiku, ndipo nthawi iliyonse amailemba pamaso pa anthu. Ngati akukayika, asangoimitsa, achotseretu makhadi. Angatero mu pulogalamu ya `Watch` pa `Wallet & Apple Pay` ngati wotchi ikadali yolumikizika ndi foni, kapena polowa pa `account.apple.com`, kusankha wotchiyo pa `Devices`, n'kuchotsa makhadi ake. Kuwabwezeretsa pambuyo pake ndi ntchito ya mphindi zochepa.

Atatero ayang'ane mu akaunti. Tinene kuti wapeza R640 imene yatuluka pa sitolo ya pa malo omwetsera mafuta nthawi imene iye anali m'takisi. Aimbire banki usiku womwewo, ndipo mawu ake akhale olunjika: wataya wotchi yokhala ndi Apple Pay, osati khadi, akufuna kuti nambala yoimira ya pa wotchiyo ithetsedwe, ndipo akukana malonda a R640 a nthawi yakutiyakuti. Banki imatha kuona ngati malondawo anachitika ndi pulasitiki, foni kapena wotchi, ndipo manambala anayi a papepala aja amathandiza kuti asathetse chipangizo cholakwika. Alembe nambala ya dandaulo lake ndi nthawi imene waimba. Nthawiyo ndi yofunika, chifukwa malonda ochitika ndi wotchi yotsegulidwa amaoneka ngati ovomerezedwa ndi mwiniwake, ndipo mkangano wa kubwezeredwa ndalama umavuta kwa munthu amene wachedwa kunena.

Bwanji ngati achifwamba alanda zonse, foni ndi wotchi? Abwereke foni ya wina aliyense, ngakhale ya Android, alowe pa `iCloud.com/find`. Tsamba limeneli limalola kulowa ndi imelo ndi pasiwedi, osafunsa nambala yachiwiri imene ikanapita ku foni yobedwayo. Aike zonse ziwiri pa `Mark As Lost`, akamaliza atuluke pa tsambalo. Zimenezi zimatheka kwa munthu amene pasiwedi yake ali nayo pamtima. Amene anatsegulitsa akaunti kwa mnyamata wokonza mafoni n'kuiwala za pasiwedi, njira yake yatsala imodzi, kuimbira banki.

Mabatani awiri osafanana

M'munsi mwa tsamba la wotchi mu `Find My` muli `Erase This Device` ndi `Remove This Device`, ndipo munthu wokwiya amafuna kudina onse. Loyamba limafufuta zonse za m'wotchi ikangolumikizika. N'loyenera mukataya chiyembekezo, podziwa kuti mukatero musayembekezerenso kuitsata pamapu. Lachiwiri lisiyeni. Wotchi ikadali pa akaunti yanu imakhala yomangidwa ndi Activation Lock, kutanthauza kuti ngakhale wakuba aifufute, sangailumikize ku foni ina popanda pasiwedi yanu. Mukaichotsa pa akaunti mwaimasula nokha, ndipo mawa ili pamsika ngati yatsopano.

Akuba amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake pakapita masiku angapo kumabwera meseji pa nambala ija munalemba pankhope ya wotchi. Imaoneka ngati yachokera ku Apple, imati wotchi yanu yapezeka, dinani apa muone pamene ili. Tsamba lake limafanana ndi lenileni, ndipo ntchito yake ndi imodzi, kukolola pasiwedi. Ena amaopseza kuti akuona zithunzi zanu ndipo azifalitsa mukapanda kuchotsa wotchiyo pa akaunti. Musayankhe. Ngati wotchi yaonekadi, mudzaiona nokha mu `Find My`. Ndipo kadontho kakaima pa nyumba ya munthu wosamudziwa, musapiteko nokha kukagogoda. Tengani chithunzi cha mapuwo mupite nacho kupolisi pamodzi ndi nambala ya wotchi. Ku South Africa a inshulansi amafuna nambala ya mlandu yochokera kupolisi asanamve dandaulo la kubedwa. Ngati wotchi inali ndi laini yakeyake, uzaninso kampani ya foni iimitse, kuopa kumalipira mwezi ndi mwezi chinthu chimene chili pamkono wa wina.

Izi zikukhudzanso ogula mawotchi ogwiritsidwa kale ntchito, amene amafika kwathu kuno ambiri. Musapereke ndalama musanailumikize ku foni yanu wogulitsa ali pomwepo. Ikafunsa imelo ndi pasiwedi ya munthu wina, ndi yomangidwa, ndipo mawu akuti "akakutsegulirani m'tauni" musawamvere.

Mawotchi a makampani ena amayenda pa mfundo yomweyi, kusiyana mayina. A Wear OS amagwiritsa ntchito Google Wallet, imene imafuna kuti wotchi ikhale ndi pini kapena chojambula chotsegulira, ndipo a Samsung Galaxy Watch ali ndi Samsung Wallet. Garmin Pay ili ndi kachitidwe kake: nambala ya manambala anayi imateteza chikwama cha makhadi chokha, mukailemba mumalipira kwa maola 24 osafunsidwanso malinga ngati simunavule, ndipo ikaphonyedwa katatu chikwamacho chimatsekeka. Wotchi ya Garmin ikatayika, khadi mumaliimitsa kapena kulichotsa mu pulogalamu ya Garmin Connect, ndipo ndi bwino kuimbiranso banki kuti ithetse nambala yoimirayo kumbali yake.

Tibwerere kwa mayi wa ku Randburg. Loweruka m'mawa wapeza wotchi m'thumba la epuloni, batire litatha. Aitchaje, aivale, alembe nambala yake, ndipo chizindikiro chakuti yatayika chichoka; angachichotsenso mu `Find My`. Ngati anangoimitsa makhadi, amabwerera, ngakhale kuti nthawi zina foni imayamba yafunsa pasiwedi ya akaunti. Ngati anawachotsa kapena banki inathetsa nambala yoimira, awaikenso kuyambira pa `Add Card`, ndipo alandira nambala yoimira yatsopano. Kusinthaku kumaonekera pobweza katundu kusitolo: manambala anayi a pa lisiti la zinthu zimene anagula ndi wotchi sabata yatha ndi a nambala yakale, safanana ndi a pa pulasitiki kapena a wotchi ya lero, choncho wa pakauntala akadodoma amufotokozere zimenezi. Ndalama zobwezedwazo zimalowabe mu akaunti yomweyo. Asanavale epuloni asinthe nambala yotsegulira pa `Change Passcode`, ndipo ayese kugula kanthu kakang'ono kuti aone ngati wotchi yayambanso kulipira.